Kukonza Mndandanda wa Mashoti pa Kanema Wojambulidwa Tsiku Limodzi ndi Makamera Awiri: Chitsanzo cha ku Embangweni

Mndandanda wa mashoti ndi pepala limene limasandutsa nkhani yolembedwa kukhala ndondomeko ya ntchito, chifukwa limanena chimene kamera idzaona, pamene idzaime, lenzi imene idzavekedwe ndiponso nthawi imene chilichonse chidzajambulidwe. Shoti ndi chidutswa cha kanema chimene woonera amachiona mosadukiza kufikira chithunzi chitasintha, pomwe sikiripiti ndi nkhani yonse yolembedwa pamodzi ndi mawu a ochita sewero, malo ndi nthawi. Funso lofunika kulisanthula ndi lakuti, pamene gulu lili ndi tsiku limodzi lokha koma makamera awiri, mndandandawo uyenera kumangidwa motani kuti dzuwa lisalowe nkhani isanathe. Yankho lake likuima pa mfundo imodzi, yakuti tsiku lojambula siliwerengedwa ndi kuchuluka kwa mashoti koma ndi kuchuluka kwa maulendo amene makamera, nyali ndi anthu adzasamutsidwe, ndipo kamera yachiwiri imapulumutsa nthawi pokhapokha ngati inapatsidwa ntchito yake papepala tsikulo lisanafike.

Malo ndi malire a tsiku

Embangweni, kumwera kwa boma la Mzimba m'dera la Inkosi Mzukuzuku, ndi malo amene anakula mozungulira mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anaikhazikitsa mu 1902 atachoka ku Hora. Lero pamalopo pali tchalitchi chachikulu cha njerwa cha Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, chipatala cha mishoni, sekondale ya Robert Laws, koleji ya aphunzitsi ya Loudon ndi sukulu ya ana osamva. Malo otere amakhala ndi nkhani zambiri zofuna kanema wamfupi, koma zipangizo zambiri zojambulira zimachokera kutali, monga ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo wochokera ku Lilongwe amapatukira pa Jenda kusiya msewu wa M1. Kamera yobwereka ikafika, masiku ake amakhala owerengeka, ndipo shoti imene yaiwalika siingabwererredwe mawa popanda kulipiranso galimoto, chakudya ndi anthu.

Malire oyamba a tsikulo ndi dzuwa. Embangweni ali pafupifupi madigiri 12 kumwera kwa ikweta, motero mu Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi kulowa cha m'ma 5:30 madzulo, zimene zikupereka maola pafupifupi khumi ndi limodzi ndi theka, kapena kuti mphindi 690. M'mwezi umenewu dzuwa limadutsira chakumpoto tsiku lonse, kotero khonde loyang'ana kumpoto limawombedwa ndi dzuwa pomwe loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kumapeto kwa Okutobala zinthu zimasiyana, pakuti masana dzuwa limakhala paliwombo penipeni ndipo limaika mithunzi yakuda m'maso mwa ochita sewero. Wokonza mndandanda amene sanapite kukaima pamalopo ndi kuona kumene khonde layang'ana amalemba mashoti amene kuwala kwa tsikulo kudzawakana.

Kuwerenga sikiripiti ndi kuilemba mizere

Chitsanzo chimene chitsatiridwe pano ndi chongoyerekeza, koma chamangidwa pa nkhani yodziwika m'boma la Mzimba, kumene anyamata ambiri amapita ku Joni kukafuna ntchito. Sikiripitiyo ndi ya masamba asanu ndi limodzi, ndipo popeza mwambo wa alembi a kanema umayerekeza tsamba limodzi ndi mphindi imodzi, kanema wake adzakhala wa mphindi zisanu ndi imodzi. Ili ndi masini anayi, sini kukhala gawo la nkhani lochitika pamalo amodzi ndi nthawi imodzi. Mu sini yoyamba, ya theka la tsamba, mnyamata akuyenda pa kanjira m'mawa. Mu yachiwiri, ya masamba atatu, akuuza mayi ake pakhonde kuti akuchoka, ndipo mlongo wake akufika ndi madzi. Mu yachitatu, ya tsamba limodzi ndi theka, akulongedza chikwama m'chipinda. Mu yachinayi, ya tsamba limodzi, akutsanzikana pamsewu madzulo. Mutu wa sini iliyonse umayamba ndi INT. ngati zikuchitikira m'nyumba kapena EXT. ngati zikuchitikira panja, ndipo zizindikiro ziwirizi ndi zoyamba kuziona chifukwa zimasonyeza masini amene akudalira dzuwa.

Sikiripiti siigawidwa potsata ziganizo koma potsata malo amene chinachake chikusintha pakati pa anthu. Mu sini ya pakhonde kusintha kukuchitika kanayi: pamene mnyamata akuzengereza kuyamba nkhani, pamene watchula za ulendo ndipo manja a mayi aleka kutong'ola chimanga, pamene mlongo wafika nagwada, ndi pamene mayi amasula mfundo ya chitenje kutulutsa ndalama. Pa kusintha kulikonse dairekita, amene ndi mtsogoleri wa kajambulidwe, amadzifunsa kuti woonera ayenera kuyang'ana nkhope ya yani, ndipo yankho la funsolo ndi limene limabala shoti. Kawirikawiri nkhope yofunika imakhala ya womvera osati ya wolankhula, chifukwa mawu a mnyamata adzamveka ngakhale iye asakuoneka, pomwe kukhala chete kwa mayi sikungamveke pokhapokha kutaoneka.

Mashoti akasankhidwa, amalembedwa pa tsamba la sikiripiti ngati mizere yotsika, mzere uliwonse kuyambira pamene shoti ikuyambira kufika pamene ikuthera. Mzerewo umakhala wowongoka pamene wolankhula akuoneka m'chithunzi, ndipo umakhotakhota pamene akulankhula ali kunja kwa chithunzi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti cholakwa chimaoneka ndi maso ntchito isanayambe, pakuti ndime imene yadutsidwa ndi mzere umodzi wokha ikutanthauza kuti wolumikiza kanema sadzakhala ndi kothawira ngati wochita sewero waphonya mawu pamenepo, ndipo ndime yodutsidwa ndi mizere isanu ikusonyeza kuti nthawi ikuwonongedwa pa malo amodzi. Kukula kwa shoti kumalembedwa mwachidule: WS ndi shoti yotambalala yoonetsa anthu ndi malo awo, MS imayambira m'chiuno kupita kumutu, ndipo CU ndi nkhope kapena chinthu choonedwa pafupi. M'chitsanzochi mizere yonse ikawerengedwa ikukwana 26, inayi mu sini yoyamba, khumi ndi umodzi mu yachiwiri, isanu ndi umodzi mu yachitatu ndi isanu mu yachinayi.

Masamu a tsikulo

Pa mphindi 690 zija pali zina zimene kamera siidzajambulamo kanthu. Gululo lingathe kupatula mphindi 45 zotsitsa katundu ndi kukonzekera m'mawa, 45 za nkhomaliro, 80 zosamukira malo kawiri ndi 60 zosungira zadzidzidzi, ndipo zotsala ndi mphindi 460. Apa ndi pamene pamafunika kusiyanitsa shoti ndi setiapu. Setiapu ndi kaimidwe kamodzi ka makamera, nyali ndi maikolofoni, ndipo nthawi iliyonse imene kamera yanyamulidwa kapena lenzi yasinthidwa, setiapu yatsopano yayamba. Teki ndi kubwereza kujambula setiapu yomweyo, ndipo kubwerezako kumadya mphindi zochepa poyerekeza ndi kusamutsa zipangizo, kuyeza kuwala, kuchotsa zinthu zosafunika kumbuyo ndi kuyeseza mayendedwe.

Ngati gululo, potengera liwiro lake pa ntchito zam'mbuyo, likuyerekeza mphindi 25 pa setiapu ya kamera imodzi, mashoti 26 adzafuna mphindi 650, zimene zikupitirira tsikulo ndi maola oposa atatu. Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti makamera awiri agawa chiwerengerochi pakati n'kusiya masetiapu 13. Maganizowa amagwa pa zifukwa ziwiri, choyamba chakuti si shoti iliyonse imene ili ndi inzake yoti ijambulidwe nayo pamodzi, ndipo chachiwiri chakuti setiapu ya makamera awiri imachedwa kuposa ya kamera imodzi, popeza zithunzi ziwiri ziyenera kuyeretsedwa, kuwala kuyenera kukomera zonse ziwiri, ndipo wonyamula maikolofoni ayenera kupeza poima pamene sakuonekera mu chilichonse. M'chitsanzochi setiapu yotereyi ikupatsidwa mphindi 35.

Njira zitatu zophatikizira makamera

Kugwiritsa ntchito makamera angapo nthawi imodzi kuli ndi mbiri imene imasonyeza phindu lake pamodzi ndi mtengo wake. Pa sewero la pa wailesi yakanema la ku America lotchedwa I Love Lucy, limene linayamba mu 1951, katswiri wojambula Karl Freund anagwiritsa ntchito makamera atatu, ndipo kuti onse aone bwino nthawi imodzi anawalitsa bwalo lonse mofanana kuchokera pamwamba, zimene zinachepetsa mithunzi yopatsa nkhope maonekedwe akuya. Akira Kurosawa wa ku Japan anagwiritsa ntchito makamera angapo pojambula nkhondo mu kanema wa Seven Samurai wa mu 1954, chifukwa zochitika za akavalo ndi mvula sizikanabwerezedwa mofanana. Zitsanzo ziwirizi zikusonyeza kuti kamera yowonjezera imagula zochitika zosabwerezeka, ndipo imalipira ndi ufulu wa kuwala.

Njira yoyamba ndi kuika makamera onse awiri moyandikana, kuyang'ana munthu mmodzi, koma ndi kukula kosiyana kwa chithunzi. Kamera A imaima kumbuyo kwa phewa la mnyamata ndi lenzi ya mamilimita 50 kuona mayi kuyambira m'chiuno, pomwe kamera B ili pambali pake ndi lenzi ya mamilimita 85 kuona nkhope yokha. Njirayi ndi yodalirika kuposa zonse, chifukwa kuwala kumakonzedwera mbali imodzi ndipo mayendedwe a manja ndi mutu amafanana m'zithunzi zonse ziwiri. Choopsa chake ndi chakuti zithunzizo zikafanana kwambiri kukula, kuzilumikiza kumaoneka ngati kanema wadumpha, n'chifukwa chake mwambo wa ntchitoyi umafuna kuti mashoti awiri otsatizana a munthu mmodzi asiyane ndi madigiri osachepera 30 kapena asiyane kukula moonekeratu. Choopsa china ndi maso: kamera yomwe ili kutali ndi phewa la mnyamata imaona mayi cham'mbali, motero lenzi yoona nkhope pafupi ndi imene iyenera kupatsidwa malo oyandikana ndi phewalo.

Njira yachiwiri ndi yopingasa, pamene kamera A ikuona mayi ndipo kamera B ikuona mnyamata pa teki yomweyo. Njirayi ili ndi phindu lalikulu pamalo ngati Embangweni, kumene ochita sewero angakhale a gulu la zisudzo la kutchalitchi kapena kusukulu, ozolowera kulankhula Chitumbuka chochokera mumtima mmalo mobwereza mawu oloweza. Anthu otere salankhula mofanana kawiri, ndipo yankho la mayi lojambulidwa ola limodzi pambuyo pa funso la mnyamata likhoza kusagwirizana nalo. Mtengo wake ndi wakuti kamera iliyonse imayang'ana kumene inzake yaima, nyali ndi chinsalu chonyezimiritsa kuwala zimasowa pobisala, ndipo panja dzuwa likakhala kumbuyo kwa mmodzi limamenya mnzake kumaso. Mumthunzi wa khonde loyang'ana kumwera vutoli limachepa, koma pamafunika mtunda wokwanira kuti makamera abwerere m'mbuyo ndi malenzi aatali.

Njira yachitatu, yojambula WS ndi CU nthawi imodzi, imaoneka yanzeru papepala koma kawirikawiri imapha mawu. Maikolofoni ya pandodo, imene ojambula amaitcha bumu, iyenera kukhala pafupi ndi pakamwa, koma chithunzi chotambalala chimaikankhira m'mwamba kutali, motero nkhope imaoneka pafupi pomwe mawu ake akumveka ngati ali kuseri kwa nyumba, ndipo mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi, chigayo cha pafupi ndi njinga zamoto za kabaza zimalowa m'mawuwo. Kuphatikiza kumeneku kuloledwe pokhapokha ngati ochita sewero avekedwa timaikolofoni tobisika m'zovala, kapena ngati sini ilibe mawu, monga ya pakanjira ija. Pa chifukwa chimenechi mndandanda wabwino umakhala ndi danga la mawu pa setiapu iliyonse, ndipo wojambula mawu amauona tsiku lisanafike.

Mzere wosadumphika

Pakati pa anthu awiri olankhulana pali mzere wongoganizira, wochokera m'maso mwa mmodzi kupita m'maso mwa mnzake, ndipo makamera onse ayenera kukhala mbali imodzi ya mzerewo. Lamuloli limatchedwa la madigiri 180, ndipo ntchito yake ndi kusunga mayi kumanzere kwa chithunzi akuyang'ana kumanja, ndi mnyamata kumanja akuyang'ana kumanzere. Ndi kamera imodzi dairekita amaukumbukira mzerewo mosavuta, koma ndi makamera awiri wojambula wa kamera B, pofunafuna poima pamene sakutchinga mnzake, amaudumpha osadziwa. Chizindikiro chake ndi chakuti m'zithunzi za makamera onse awiri anthu awiriwo akuyang'ana mbali imodzi, ngati onse akulankhula ndi munthu wachitatu amene sakuoneka. Mankhwala ake ndi kujambula mapu a khondelo monga loonedwa kuchokera pamwamba, kulembapo mzerewo, ndi kuika chizindikiro cha A ndi B pa setiapu iliyonse.

Mlongo akafika nagwada pafupi ndi mayi, mizere imakhala itatu, ndipo mndandanda uyenera kunena mzere umene ukulamulira ndime imeneyo. Palinso nkhani ya msinkhu wa kamera imene sikiripiti siitchula koma mwambo wa pakhomo umaibweretsa. Mayi akhala pamphasa, mnyamata pakampando, ndipo mtsikana wagwada, kotero mitu itatu ili pa misinkhu itatu. Miyendo ya kamera ikasiyidwa pa msinkhu wa munthu woimirira, mayi amaoneka ochepa ndi oponderezedwa, pomwe nkhaniyo ikufuna kuti ulemu ukhale kwa iwo. Danga la msinkhu m'mndandanda limachenjeza gululo kuti lidzafuna chokhazikapo kamera pafupi ndi pansi, chinthu chimene chikaiwalika ku Mzuzu chimalowedwa m'malo ndi thumba la mchenga kapena la chimanga.

Sini ya pakhonde m'mndandanda

Mashoti khumi ndi imodzi a sini yachiwiri akaphatikizidwa amakhala masetiapu asanu ndi imodzi, ndipo dzina la shoti iliyonse limanena sini, setiapu ndi kamera, kotero 2.2-B ndi sini yachiwiri, setiapu yachiwiri, kamera B. Dzina lomwelo limalembedwa pa kabolodi kowombedwa patsogolo pa makamera ndi pa mafayilo.

```
2.1-A WS 24mm onse        | 2.1-B MS 50mm awiri cham'mbali
2.2-A MS 50mm mayi        | 2.2-B CU 85mm mayi
2.3-A MS 35mm mlongo      | 2.3-B CU 85mm mlongo
2.4-A CU manja ndi mfundo | 2.4-B CU lichero
2.5-A MS 50mm mnyamata    | 2.5-B CU 85mm mnyamata
2.6-A WS 24mm bwalo       | 2.6-B palibe
```

Ndondomekoyi siikutsata nkhani koma ikutsata kumene makamera ayang'ana. Masetiapu anayi oyamba akuyang'ana kukhoma la nyumba, ndipo awiri otsiriza akuyang'ana kubwalo, kotero gululo limatembenuka kamodzi kokha. Kutembenuka ndi kumene kumadya nthawi yochuluka pa sini iliyonse, chifukwa katundu yense ndi anthu oonerera amene anali kumbuyo kwa kamera tsopano ali m'chithunzi ndipo ayenera kusamutsidwa. Shoti yotambalala yoonetsa sini yonse, imene imatchedwa masita, imayambidwa chifukwa ndi imene imakhazikitsa pokhala aliyense ndi nthawi imene mlongo akulowera, ndipo mashoti ena onse amatengera pamenepo. Mawu a setiapu yoyambayi sawerengeredwa kwambiri, popeza mawu enieni adzachokera ku masetiapu a pafupi. Nkhope ya mayi imatsatira mwamsanga chifukwa ndi imene yanyamula kulemera kwa sini, ndipo siyenera kusiyidwira nthawi imene wochita seweroyo watopa ndi kubwereza. Pa 2.6 kamera B ilibe shoti, ndipo mndandanda umanena poyera kuti wojambula wake apite m'chipinda kukayamba kukonza sini yachitatu, chifukwa kamera yopanda ntchito yolembedwa imayamba kujambula nkhuku ndi mitambo, n'kudzaza makhadi ndi kutha mabatire.

Lichero la chimanga ndi chitsanzo cha chinthu chimene chimasokoneza kulumikiza. Mayi akamatong'ola pa teki iliyonse, chimanga chimachuluka m'lichero, ndipo shoti ya 2.1 yojambulidwa 9 koloko siidzagwirizana ndi ya 2.5 yojambulidwa 11 koloko. Mashoti awiri a setiapu imodzi amagwirizana okha, koma pakati pa masetiapu pamafunika munthu wojambula lichero ndi foni pa chiyambi cha teki iliyonse ndi kubwezera chimanga pa muyeso wake.

Kudula ndi kusanja tsiku lonse

Njira yomweyi ikagwiritsidwa ntchito pa masini onse, sini yoyamba ikupereka masetiapu awiri a makamera awiri, yachinayi awiri a makamera awiri ndi imodzi ya kamera imodzi, pomwe yachitatu ikukana kuphatikizidwa. Chipinda cha nyumba ya kumudzi ndi chaching'ono, chili ndi zenera limodzi, ndipo kamera yachiwiri imatchinga kuwala kapena kuonekera m'chithunzi, kotero mashoti ake asanu ndi imodzi akufuna setiapu imodzi ya makamera awiri ndi anayi a kamera imodzi. Zonse pamodzi ndi masetiapu khumi a mphindi 35 ndi asanu ndi imodzi a mphindi 25, zimene zikukwana mphindi 500. Kamera yachiwiri yachotsa mphindi 150 pa 650 zija, osati theka, ndipo tsikulo likadapitirirabe ndi mphindi 40.

Kudula kumachitika patebulo, osati dzuwa likupendeka. Shoti iliyonse imapatsidwa chizindikiro chosonyeza ngati nkhani singamveke popanda iyo, ngati ikungokometsa, kapena ngati ingajambulidwe nthawi ikatsala, pakuti amene amati ichi chakoma ichi chakoma amafika pamsewu mdima utagwa, sini yotsanzikana isanajambulidwe. M'chipindamo shoti ya chikwama ndi ya nkhope ya mnyamata zingakhale shoti imodzi imene kamera ikukwera kuchoka pa manja kupita kumaso, ndipo shoti ya zenera ingachotsedwe. Zotsala ndi mashoti 24 m'masetiapu 14, okwana mphindi 450.

Tsikulo tsopano limasanjidwa potsata dzuwa. Sini ya pakanjira imajambulidwa kuyambira 6:45 mpaka 7:55, kuwala kukadali kopendekeka; gululo limasamukira kunyumba ndi kujambula pakhonde loyang'ana kumwera kuyambira 8:35 mpaka 11:55, mumthunzi umene susintha; nkhomaliro itatha, sini ya m'chipinda imatenga kuyambira 12:40 mpaka 2:05, nthawi imene kuwala kwa panja kuli kowawa. Mphindi zosungira zija zimaikidwa pambuyo pa sini yachitatu, kuti kuchedwa kulikonse kwa m'mawa kumezedwe gulu lisananyamuke 3:15, ndipo sini ya pamsewu imayamba 3:55 ndi kutha dzuwa likulowa. M'sini yotsirizayi shoti yofunika kwambiri imayambidwa, chifukwa ola lotsiriza kuwala kumasintha mtundu mofulumira. Nthawi yothera setiapu iliyonse imalembedwa m'mndandanda, ndipo wothandiza dairekita akaona kuti gulu latsalira ndi masetiapu awiri pofika nkhomaliro, amadula shoti yotsatira pa zongokometsa popanda kuyambitsa mkangano watsopano.

Zolemba pamwamba pa pepala, ndi pamene njirayi imasintha

Makamera awiri amathandizana pokhapokha ngati zithunzi zawo zikufanana, choncho pamwamba pa mndandanda pamalembedwa makonzedwe amene onse awiri adzatsate. Magetsi a ku Malawi amayenda pa mahezi 50, motero kujambula zithunzi 25 pa sekondi ndi liwiro la chitseko cha kamera la 1/50 kumapewa kuphethira kwa mababu m'chithunzi. Muyeso wa kuyera kwa mitundu umakhomedwa pa nambala imodzi, monga 5600K panja, osasiyira kamera kudzisankhira, chifukwa kamera yoona khoma la njerwa zofiira ndi yoona bwalo zimasankha mosiyana ndipo khungu la munthu mmodzi limatuluka mitundu iwiri. Kabolodi kamawombedwa pamene makamera onse akukaona, kapena kawiri ngati ayang'ana kosiyana, kuti mawu ndi zithunzi zidzalumikizidwe mosavuta. Makamera awiri amadyanso mabatire ndi makhadi kawiri, ndipo nthawi ya nkhomaliro imakhala yotchaja ndi yokopera mafayilo m'malo awiri osiyana.

Pali zochitika zina ku Embangweni ndi madera ozungulira zimene zimasintha masamu onsewa. Sini imene ochita ake akulankhula ndi manja, monga ana a pa sukulu ya osamva, siilola CU ya nkhope yokha, chifukwa chiganizo chili m'manja ndi pankhope pamodzi, ndipo kudula manja kuli ngati kuzimitsa mawu. Pamenepo makamera opingasa, onse pa MS, ndi amene amasunga kukambirana konse. Gule wa ingoma, monga amene amavinidwa pa mwambo wa Umthetho pa phiri la Hora, sangaimitsidwe kuti abwerezedwe, choncho mndandanda wake sutchula mashoti amodzi ndi amodzi koma umagawa udindo, kamera A kusunga chithunzi chotambalala mosalekeza ndipo kamera B kufunafuna mapazi, zishango ndi nkhope, popanda onse awiri kusuntha nthawi imodzi. Kumbali ina, ngati gulu lili ndi makamera awiri koma wojambula waluso mmodzi, kapena ngati masini ambiri ali m'zipinda zothina, masamu a mphindi 35 ndi 25 aja akhoza kusonyeza kuti kamera B ipindula kwambiri ikakhala yokonzeratu setiapu yotsatira, itavekedwa kale lenzi ina, kusiyana ndi kujambula pamodzi ndi inzake. M'chitsanzo cha mnyamata wopita ku Joni, kamera yachiwiri yapeza ntchito yolembedwa pa masetiapu khumi mwa khumi ndi anayi, ndipo pa anayi otsalawo mndandanda ukuilamula kukhala yozimitsa.